Masabata asanu chibadwire mwana, misozi siikuleka

"Amayi anzanga ndithandizeni. Mwana wanga woyamba ali ndi masabata asanu. Thupi lonse ndi lolefuka, ndimangolira popanda chifukwa, ndipo ngakhale mwana agone ine tulo sitibwera. Apongozi akuti uchembere ndi wotero, ndingolimba mtima. Kodi zimatha zokha kapena ndipite kuchipatala?"

Achemwali, pitani kuchipatala sabata ino, musachite kudikira sikelo ya masabata asanu ndi limodzi. Ine ndine mzamba, ndiye ndikuuzani chimene chandipangitsa kuyankha choncho.

Apongozi anuwo sakunama kwenikweni. Pali kulira kumene amayi ambiri amadutsamo akangochira. Kumayamba pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, nthawi imene mawere amadzaza, mayi akadali m'chikuta. Nsapo ikatuluka, mahomoni amene anali ochuluka nthawi ya pakati amatsika mwadzidzidzi, ndiye mayi amapezeka akuseka m'mawa, masana akulira chifukwa chakuti phala lazizira. Kumeneko kumatha kokha masabata awiri asanakwane, ndipo pakati pa misoziyo mayi amasangalalabe ndi mwana wake, akapeza mpata amagona tulo tofa nato. Apongozi akukumbukira kumeneko. Inu mwadutsa kale malire a masabata awiriwo, ndipo chimene chandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya tuloyo. Mayi amene wangotopa chabe, mukamulandira mwana, amagona pompo ngakhale pa mkeka wa pakhonde. Amene maso ali gwa mwana ali mtulo, mutu ukungozungulira ndi maganizo, nthawi zambiri chamugwira ndi china choposa kutopa.

Mukafika, choyamba pemphani kuti akuyezeni magazi. Amayi ambiri kwathu kuno amafika tsiku lochira magazi ali ochepa kale, kenako n'kutayanso ena pobereka. Kuchepa kwa magazi kumafoola thupi mpaka munthu kuoneka ngati waulesi. Mungadzione nokha pang'ono musananyamuke: tsitsani chikope cha m'munsi pagalasi, yang'ananinso zikhatho. Ngati zayera, ngati mumamva chizungulire podzuka, mtima kuthamanga kapena befu mukangoyenda pang'ono ndi ndowa, munene zonsezo. Mapiritsi owonjezera magazi aja mumalandira kusikelo ya amayi apakati amafunikabe mukachira, ndipo ambiri amawasiya tsiku lotuluka m'chipatala. Amadetsa chimbudzi, zimenezo zisakuopseni, koma musamwere tiyi chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Ngati thupi likutentha, m'mimba mukupweteka, kapena zotuluka kumaliseche zikununkha, nyamukani lero lomwe, chifukwa angakhale malungo kapena matenda a m'chiberekero.

Chachiwiri ndi chimene amayi ambiri amabwerera nacho kunyumba osachitchula. Namwino ali ndi mzere wautali, amayeza mwana, amalemba m'buku, amafunsa ngati akuyamwa bwino, inu mukuti eya, basi mwatuluka. Mukangoti "ndikumva kufooka", mudzapatsidwa panado. Nenani momveka chonchi: "Papita masabata atatu ndikulira pafupifupi tsiku lililonse, sindikugona ngakhale mwana agone, palibe chimene chikundisangalatsa. Ndikufuna kuonana ndi woona za matenda a maganizo." Ngati pakamwa pangakulemereni, lembani papepala mumupatsire. Pachipatala chaching'ono akhoza kukutumizani kuchipatala cha boma lanu, kumene kumakhala anamwino kapena madokotala ophunzira za matenda amenewa. Kutumizidwako sikutanthauza kuti akukupititsani ku Zomba. Ambiri amathandizidwa akugona kwawo, mwana ali kumsana. Amene ali ku Mzuzu kapena ku Lilongwe kulinso a St John of God amene amagwira ntchito imeneyi.

Matendawa ndi ovutika maganizo pambuyo pobereka, ndipo si achilendo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati m'mayiko osauka ngati lathu, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu aliwonse amene angobereka kumene amavutika maganizo. Zizindikiro zake, kuwonjezera pa zimene mwanenazo, ndi kusafuna chakudya, kupsa mtima msanga, kudziona ngati mayi wolephera, kuopa kuti mwana afa ngakhale ali bwinobwino, ndiponso kumuyang'ana mwanayo osamva kanthu mumtima. Chomalizachi amayi amachibisa kwambiri poopa kunenedwa kuti ndi afiti, chonsecho ndi matenda, ndipo chikondi chija chimabwera mayi akayamba kuchira. Thandizo limayamba ndi uphungu, kukhala pansi ndi munthu wophunzira n'kumasula mavutowo limodzi ndi limodzi. Matenda akakula amapereka mankhwala, ndipo alipo amene mayi amamwa akuyamwitsa, bola muwauze kuti mwana ali kubere. Sagwira tsiku lomwelo. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi kuti muyambe kumva kusintha, ndiye ambiri amawataya sabata yoyamba n'kumati sakuthandiza. Enanso amasiya akangopezako bwino, matenda n'kubwerera. Kusiya kwake mugwirizane ndi amene anakulemberani.

Pali zina zosadikira ngakhale kuti kuche. Mukayamba kuganiza zodzipha, kapena kuti mwana ndi bambo ake angakhale bwino inu kulibe, kapena zomupweteka mwanayo, uzani munthu wamkulu amene muli naye pafupi nthawi yomweyo, mwana akhale m'manja mwa wina, akuperekezeni kuchipatala. Chimodzimodzi mayi amene wakhala masiku osagona koma osatopa, akuyankhula zosalumikizana, akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena akuti mwanayu si wake, amusinthira. Zimenezi zimagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000 aliwonse, kawirikawiri m'masabata awiri oyamba, ndipo mwini wake sazindikira kuti wadwala. Achibale amene mukuwerenga pano, pempherani ndithu, koma pemphererani m'galimoto yopita kuchipatala. Masiku amene amathera kwa asing'anga kapena kuphiri ndi amene timatayira amayi ndi makanda.

Za pakhomo tsopano. Khanda la msinkhu umenewu limayamwa kasanu ndi katatu mpaka 12 usana ndi usiku, ndiye tulo ta usiku wonse iwalani kaye. Chimene mungachipeze ndi chigawo chimodzi cha maola anayi osadukiza, ndipo chimenechi chimasintha zambiri. Muyamwitseni akhute cha m'ma 8 koloko madzulo, mumupereke kwa bambo ake kapena agogo ake, inu mukagone chipinda china, foni muisiye kutali. Kumugeyetsa, kumusintha thewera ndi kumutonthoza achite iwowo mpaka cha pakati pa usiku. Akafuna bere msanga amubweretse muyamwitse chogona cham'mbali, akatha amutengenso. Masana, alendo odzaona mwana asakudzutseni kuti muwaphikire. Amene wafunsa kuti ndikuthandizeni chiyani mupatseni ntchito yodziwika, monga kuchapa matewera, kutunga madzi kapena kupita kuchigayo. Idyani katatu ngakhale chilakolako palibe, ndiwo zikhale monga usipa, nyemba, bonongwe wotendera, chiwindi chikapezeka.

Apongoziwo musakangane nawo, simungapambane ndipo mphamvu zake mulibe. Atengeni popita kuchipatala, muwauze kuti mukukayezetsa magazi ndipo mukufuna wokugwirirani mwana. Akakamva kuchokera pakamwa pa namwino kuti mpongozi wawo akudwala, kawirikawiri ndi iwo omwe amayamba kuthamangitsa alendo pakhomo. Bambo a mwana nawonso alowe nawo m'chipindamo, amve okha zizindikiro zoopsa zija, chifukwa usiku amene amakhala nanu ndi iwowo. Musaiwale buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi la mwana.