Thupi likutentha, malungo sakupezeka, mtima ukumveka mwachilendo

Adokotala, mwana wanga wa zaka 19 watha milungu itatu thupi likutentha usiku. Malungo sanamupeze nawo, koma ndinamumwetsa LA ndi amokisilini wa m'golosale poganiza kuti abisala. Kuchipatala chathu amva phokoso lachilendo mumtima, akuti tipite ku Dedza boma akamutenge magazi katatu. Munthu wofooka kale, magazi samuthera? Mayi wa ku Linthipe.

Mayi, magazi samuthera. Onse amene adzatengedwe ndi ngati masipuni aakulu anayi, pomwe m'thupi mwake muli pafupifupi malita 5.

Za malungo obisalazo zisiyeni. Kutentha thupi konse si malungo, ndipo amene wamwa LA bwinobwino, kuyeza osapeza kanthu, thupi n'kumatenthabe, akudwala china. Nkhani ya kubisalayi yachedwetsa odwala ambiri.

Chimene anzangawo akuopa ndi endokadaitisi. Mumtima muli mavavu, tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Mabakiteriya ochokera m'kamwa kapena pakhungu akalowa m'magazi, amamatirira pavavu n'kuyamba kuidya. Vavu ikayamba kudontha, ndi pomwe pamamveka phokoso lija. Tizidutswa timathothokanso n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, mnyamata n'kuchita sitiroko.

Mabakiteriyawa alipo amitundumitundu, ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake. N'chifukwa chake magazi amawathira m'timabotolo ku labu kuti tizilomboto timere, tidziwike. Amatenga katatu, pamitsempha yosiyana, chifukwa botolo limodzi likhoza kungoonetsa tizilombo ta pakhungu talowa ndi singano. Mtundu womwewo ukamera m'mabotolo angapo, ndiye kuti ulidi m'magazi.

Apa ndikudzudzuleniko pang'ono. Amokisilini uja sangachize vavu, koma amagonetsa tizilombo moti ku labu sitimera, dokotala n'kumangoganizira mankhwala. Musamupatsenso, ndipo mukanene tsiku limene anamwa komaliza. Mapaketi ake munyamule.

Kwathu kuno amene ali pachiopsezo kwambiri ndi achinyamata amene mavavu anaonongeka ndi rumatiki, nthenda yoyamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa. Kumbukirani: ali mwana anatupako mawondo kapena akakolo, thupi likutentha? Kawauzeni. Enanso ndi obadwa ndi vuto la mtima, oikidwa vavu yochita kupanga, otsukidwa magazi pamakina chifukwa cha impso, odzibaya mankhwala ozunguza bongo, ndi amene anadwalapo nthendayi.

Pitani lero, musadikire tsiku la msika. Akatenga magazi adzafunanso kujambula mtima ndi eko, mwina kukutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Nthendayi ikatsimikizika, mankhwala ndi a mumtsempha kwa milungu 4 mpaka 6, kawirikawiri atagonekedwa, choncho konzani womudikirira. Thupi limatha kuzizira m'sabata yoyamba, koma musapemphe kutuluka, tizilombo ta pavavu timachedwa kufa. Akayamba kubanika, kutupa miyendo, kupotoka pakamwa kapena kufooka mkono, pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale usiku.