Ngongole yomwe mudafufuta yabweranso: muilembe pati?

"Ndili ndi sitolo ya mbewu ndi mankhwala a thonje pa Ngabu. Mlimi wina anali ndi ngongole ya K180,000, koma madzi a namondwe wa Freddy atamukokolera munda ndi ziweto mu 2023, ndidaifufuta m'buku. Sabata yatha wabwera yekha, wagulitsa mbuzi, wandipatsa K120,000. Ndiilembe pati poti tsamba lake ndidatseka? Komanso mwana wa achimwene anga akuti ndidalakwa osasunga gawo la ngongole zokayikitsa. Chimenechi n'chiyani?"

Mayi, ndalamayo ndi phindu la chaka chino. Mabuku a 2023 musawakhudze, chifukwa zomwe mudalemba nthawi imeneyo zinali zoona malinga ndi zomwe munkadziwa. Koma ndalamayo idutse kaye pa tsamba la mlimiyo, ndipo mulemba kawiri.

Choyamba, tsegulaninso tsamba lake ndi kubwezerapo ngongole, koma yokhayo imene walipira: debiti, kutanthauza mbali ya kumanzere ya tsamba, pa dzina lake K120,000, kirediti, kutanthauza mbali ya kumanja, pa akaunti yatsopano yomwe mungaitchule kuti "ngongole zofufutidwa zomwe zabwezedwa" K120,000. Kenako lembani kulipira kwake monga mumachitira ndi wina aliyense: debiti pa kashi, kapena pa Mpamba kapena Airtel Money ngati adatumiza pafoni, kirediti pa dzina lake. Tsamba lake libwerera pa ziro, ndalama yaoneka m'kabati, ndipo K120,000 yalowa ku phindu pa mzere wakewake.

Ena amadumpha tsamba la mwini ngongole, n'kungolemba debiti kashi, kirediti ngongole zobwezedwa. Masamu amatuluka chimodzimodzi, koma ine sindikonda njira imeneyo. Mwezi wa Novembala munthuyu adzabweranso kudzapempha mbewu pangongole, ndipo amene adzatsegule buku, mwina inu mutachokapo, ayenera kuona nkhani yonse: adakongola, adalephera, adabwera yekha kudzalipira. Munthu wogulitsa mbuzi zake kuti alipire ngongole yomwe palibe amene ankamulonjerera sapezekapezeka.

K60,000 yotsalayo isiyeni kunja kwa mabuku mpaka tsiku limene idzafike m'manja. Ngakhale atalonjeza kuti adzamaliza akagulitsa chitowe, ingolembani ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba. Mukaibwezera yonse K180,000 mwawerengera phindu lomwe silidafike, ndipo akalephera mudzafufutanso kachiwiri.

Zolakwika ziwiri ndimaziona kawirikawiri. China ndi kuponya ndalamayo ku malonda a tsikulo. Pamenepo malonda amakwera pomwe katundu sadatuluke pashelefu, ndiye mukawerengera phindu la pa katundu limaoneka lonona kuposa m'mene liliri. Chinacho ndi kulemba kirediti yokha pa tsamba lake osabwezera kaye ngongole. Tsamba limene linali pa ziro limayamba kuonetsa ngati inuyo ndinu muli naye ngongole ya K120,000. Mukaona tsamba la wokongola lapendekera ku kirediti chonchi, fufuzani ngati si munthu amene mudamufufutira kale.

Tsopano za mwana wa achimwene anuyo. Akunena zoona, ngakhale mawu oti mudalakwa akulirapo. Gawo la ngongole zokayikitsa si ndalama yosunga m'kachitini kapena ku banki ayi. Ndi nambala ya m'buku chabe, yovomereza kuti mwa onse amene akukongolani, ena sadzalipira, ngakhale simudadziwe kuti ndani.

Tiyerekeze kuti pa 31 Disembala 2022 anthu anali ndi ngongole zanu zokwana K4,000,000. Mumazigawa malinga ndi kukalamba kwake. Tinene kuti K2,500,000 sizidakwane miyezi itatu, ndipo mwa zoterezi mumataya 2 peresenti: K50,000. K1,000,000 zili pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi, mumataya 10 peresenti: K100,000. K500,000 zadutsa theka la chaka, mumataya theka lake: K250,000. Zonse pamodzi K400,000. Mumalemba debiti pa zotayika za ngongole zokayikitsa, zomwe zimachepetsa phindu la 2022, ndi kirediti pa akaunti ya gawolo. Masamba a anthu simuwakhudza, aliyense akadali ndi ngongole yake yonse. Koma pa pepala la chuma cha bizinesi mumaonetsa K4,000,000 kuchotsapo K400,000, kutsala K3,600,000 zomwe mukuyembekezeradi kutolera.

Maperesenti amenewa ndangowapeka kuti masamu aoneke, musawakopere. Anu muwapeze m'mabuku anu a zaka zitatu kapena zinayi zapitazo. Ndipo kuno ku Chigwa cha Shire kuwerenga miyezi kokha kumanamiza. Mlimi wa thonje amene watenga mbewu mu Disembala salipira mpaka misika itatsegulidwa, ndiye ngongole yake ya miyezi isanu si yodwala. Pomwe wantchito wa m'minda ya nzimbe ku Nchalo, amene amalandira mwezi ndi mwezi, akadumpha miyezi itatu ndiye kuti chilipo chavuta. Awa muwaike m'magulu osiyana, ndipo kwa alimi muziwerenga kuyambira tsiku lomwe mudagwirizana kuti alipire. Onaninso komwe kuli minda. Ngati ambiri mwa okongola anu amalima m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Shire kapena wa Mwanza, madzi akabwera amagwa onse pamodzi, monga zidachitikira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 kenako Freddy mu Malichi 2023. Peresenti ya chaka chabwino singakwane pa gulu lotere.

Mukadakhala ndi gawo la K400,000 lija, pofufuta ngongole ya mlimiyu mukadalemba debiti pa gawolo K180,000, kirediti pa dzina lake K180,000, gawo n'kutsala K220,000. Phindu silikadagwedezeka tsiku limenelo chifukwa mudaliluma kale chaka chomwe mudagulitsa katunduyo. Kumapeto kwa 2023 mukadawerengeranso. Ngati gawo lofunika latuluka K450,000, mumangoonjezera kusiyana kwake, K230,000, osati kulembanso K450,000 yonse. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amapunthwa. Likatuluka lochepa kuposa lomwe lilipo, mumabweza kusiyanako ku phindu.

Mwanayo mwina adaphunzitsidwa njira ina, yolemba ngongole yofufutidwa ku zotayika mwachindunji, gawo n'kulikonza kumapeto kwa chaka. Musakangane. K180,000 kuphatikiza K50,000 yokweza gawo kuchoka pa K400,000 kufika pa K450,000 ndi K230,000 yomweyo. Sankhani imodzi, muziitsata chaka chilichonse.

Ngati mu 2023 mudachotsera K180,000 ija powerengera msonkho wa pa phindu, K120,000 iyi ionekenso ngati ndalama yolowa pa zomwe mudzapereke ku MRA chaka chino. Ndipo inde, kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho ndalama yomwe mwalandirayi singagule katundu amene adatenga. Zimawawa, koma buku limalemba makwacha omwe alowa basi.

Kufufuta m'buku si kukhululuka. Ngongole ikadalipo pakati pa inu ndi iye, pokhapokha mutamuuza nokha kuti mwamukhululukira. Ndiye masamba ofufutidwa musamawang'ambe. Lembani maina onse pa mndandanda umodzi, muusunge nokha. Ndidathandizapo pa sitolo ina komwe mnyamata wogulitsa ankatolera mwakachetechete kwa anthu ofufutidwa, podziwa kuti buku silikuwayembekezeranso. Zidaululika mayi wina atabwera kudzafunsa mwini sitolo kuti kwatsala zingati. Mlimi wanuyu mumpatse lisiti la nambala losonyeza K120,000 yolandiridwa ndi K60,000 yotsala, kope lake likhale m'buku, ndipo onse a pa mndandandawo muwauze kuti akamalipira azilandira lisiti lotero.