Bakapu ikuoneka pa Google Drive, koma WhatsApp ikufuna pasiwedi yomwe sindikuikumbukira

"Achimwene, ndimagulitsa zitenje ndipo maoda onse ndi ngongole za makasitomala zili mu WhatsApp. Foni imazimazima, ndiye mwana wa achemwali anga anachotsa WhatsApp n'kuyikanso. Bakapu yapezeka, koma ikufuna pasiwedi. Ndalowetsa manambala 6 amene imandifunsa nthawi zonse aja katatu, ikukana. Mnzanga anachita zomwezi mwezi watha zonse zinabwerera osafunsidwa kanthu. Kodi okonza mafoni angatsegule?"

Mayi, poyamba ikani foniyo pansi. Musalowetsenso manambala aja, musadine Skip, ndipo musapereke foniyo kwa aliyense woti ayeserepo mwayi wake. Pamene mwaimapo bakapu yanu sinatayike. Choopsa ndi kupupuluma, chifukwa ndi kumene kumatayitsa macheza amene akanabwerera.

Manambala 6 amene mukulowetsawo si amene WhatsApp ikufuna. Imeneyo ndi pini ya Two-step verification, yoteteza nambala yanu kuti wina asailembetse pa foni yake, ndipo mumaikumbukira bwino chifukwa WhatsApp imakufunsani pafupipafupi. Pasiwedi ya bakapu ndi ina. Poipanga, WhatsApp imafuna zilembo ndi manambala zosachepera 6, ndipo mkati mwake mukhale chilembo ngakhale chimodzi. Choncho manambala okhaokha sangakhale yankho, ngakhale mutawatembenuza motani. Chimene mukusaka m'mutu mwanu ndi mawu, kapena mawu osakaniza ndi manambala, amene munalemba kawiri tsiku lina pamene mumayatsa End-to-end encrypted backup. Mwina simunayatse ndinu. Kawirikawiri amakhala mwana wa pakhomo amene anakukonzerani foni ili yatsopano.

Kuti mumvetse chifukwa chake mnzanu sanafunsidwe kanthu, tiyambe ndi bakapu yeniyeniyo. Ili ngati sutikesi yokhoma imene mwasungitsa kwa aneba. Google Drive ndi aneba aja: amasunga sutikesi, amakuonetsani kuti ilipo, koma kiyi wotsegulira ndi nkhani ina. Macheza anu sasungidwa ngati mawu owerengeka. Amasokonezedwa ndi masamu pogwiritsa ntchito kiyi, yemwe ndi nambala yaitali kwambiri, ndipo kiyi yemweyo yekha ndi amene angawabwezere kukhala mawu. Foni ikamagwira ntchito tsiku ndi tsiku, kiyiyo amakhala m'chipinda chamkati cha WhatsApp, momwe inu kapena pulogalamu ina simungafike. Mwana uja atachotsa WhatsApp, foni inasesa chipinda chimenecho ndi zonse zam'kati, kiyi yemwe. Sutikesi inatsala kwa aneba. Ndiye funso limene limagamula zonse mukayikanso pulogalamu ndi ili: kiyi wina anasungidwa kuti, ndipo amene akumusunga akufuna umboni wanji kuti akupatseni?

Kwa mnzanu, amene sanayatse chitetezo chapaderachi, WhatsApp ndi imene imathandiza foni kupezanso kiyi. Umboni umene imafuna ndi nambala ya foni basi. Atalandira manambala 6 a pa mesiji n'kuwalowetsa, maseva a WhatsApp anakhutira kuti ndi mwini nambala, foni inapeza kiyi mwakachetechete, sutikesi n'kutseguka. Iye sanaone kalikonse, anangodina Restore. Njira imeneyi ndi yofewa, ndipo imangovuta munthu akasintha nambala kapena akalowa ndi akaunti ina ya Google. Koma kufewako kuli ndi mtengo wake: kiyi sali m'manja mwa mwini macheza yekha.

N'chifukwa chake mu Okutobala 2021 WhatsApp inayambitsa njira imene muli nayo inuyo. Mukaiyatsa, foni yanu imapanga yokha kiyi watsopano wongochitika mwamwayi, wa mabiti 256, n'kukhoma naye bakapu isanachoke m'foni. Kenako imakufunsani kuti mukufuna kumusunga bwanji. Mukhoza kumutenga nokha, olembedwa ngati zilembo ndi manambala 64, zochokera pa 0 mpaka 9 ndi a mpaka f. Mukatero palibenso wina padziko ali naye, ndipo pepala mwalembapolo likasowa nkhani yatha. Kapena mukhoza kusankha pasiwedi, monga zikuonekera kuti munachita, popeza sikirini yanu ikufunsa pasiwedi osati kiyi wa 64.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndiye ndifotokoze bwinobwino. Pasiwedi yanu si kiyi wa bakapu. Kiyi weniweni uja anatumizidwa kumalo osungira otchedwa Backup Key Vault, makina apadera amene anapangidwa kuti asatulutse chimene asunga ngakhale kwa ogwira ntchito pa kampanipo. Pasiwedi ndi chizindikiro chotengera kiyiyo. Mukailemba, foni ndi makinawo zimasinthana masamu otsimikizira kuti mukuidziwa, koma pasiwediyo payokha sichoka m'foni mwanu. N'chifukwa chake palibe ku WhatsApp amene angakuuzeni kuti pasiwedi yanu inali yakuti, kapena kukutumizirani ina pa imelo monga zimakhalira ndi Facebook. Iwo sanaionepo.

Ndipo makinawo amawerenga zolakwa. Mukaphonya kangapo motsatizana amayamba kukudikiritsani musanayesenso, ndipo anapangidwa kuti kulosera kukapyola malire atsekere kiyiyo mpaka kalekale. Anachita dala, chifukwa pasiwedi za anthu n'zosavuta kulosera: dzina la mwana, mudzi wa kwanu, chaka chobadwa. Wakuba atapatsidwa mpata woyesa kosatha akanaipeza. Katatu kamene mwayesa kale kawerengedwa. Kuyesa kulikonse kotsala kuoneni ngati ndalama ya mpamba, yosagulira zinthu mwachisawawa.

Tsopano za okonza mafoni. Ndimawalemekeza anyamata amenewa, amadzutsa mafoni amene ife tinawalira kale. Koma pano luso lawo silifika, ndipo ndikunena molimba chifukwa ndinaonapo bambo wina akulipira kawiri kwa munthu amene anamulonjeza kuti "tiyiflasha itseguka". Kufulasha foni kumangofufuta zambiri. Wokonza akhoza kukopera fayilo ya bakapu, ngati ilipo m'foni, ndipo imapezeka apa:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Databases/msgstore.db.crypt15
```

Mapeto a dzinalo amanena zambiri. Ikathera ndi `crypt14` ndi bakapu ya mtundu wa mnzanu uja, ikathera ndi `crypt15` ndi ya mtundu wanu. Koma kukhala ndi fayilo ndi kukhala ndi sutikesi yokhoma basi. Pa intaneti palidi mapulogalamu otsegula mafayilo amenewa, ndipo onse oona amayamba ndi kukufunsani kiyi. Opanda kiyi, chotsala ndi kulosera, ndipo makiyi otheka a mabiti 256 ndi ochuluka moti chiwerengero chawo chimalembedwa ndi manambala 78 ondondozana. Makompyuta onse a padziko ataphatikizana sangamalize kuyesa. Amene angakuuzeni kuti atsegula popanda pasiwedi akufuna ndalama zanu, kapena choipa kwambiri, akufuna manambala a pa mesiji aja kuti alande akaunti yanu ndi kuyamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu.

Choti muchite n'chapafupi kuposa mmene mukuganizira. Khalani pansi ndi pepala, foni ili kutali, mufufuze amene anayatsa chitetezochi ndi nthawi yake. Ngati ndi mwana wa achemwali anu kapena amene anakugulitsani foni atakukonzerani zonse, muimbireni, chifukwa achinyamata ambiri ali ndi pasiwedi imodzi imene amaika paliponse. Ngati ndinu, lembani mapasiwedi onse amene munkagwiritsa ntchito nyengo imeneyo, ya imelo, ya Facebook, ndipo muone mmene mumalembera: chilembo choyamba chachikulu kapena chaching'ono, chaka chonse kapena manambala awiri omaliza. Kwa makinawo `Zitenje22` ndi `zitenje22` ndi zinthu ziwiri zosiyana. Yang'anani kumapeto kwa kabuku ka maoda, m'chikuto cha Baibulo, mu zithunzi za Google Photos za nyengo imeneyo, paliponse pamene mumalemba zinthu zoopa kuiwala. Mukasanja, yambani ndi imene mtima ukuikhulupirira kwambiri, ndipo dinani kachizindikiro ka diso kuti muone zimene mukulemba. Ikakuuzani kuti dikirani, dikirani ndithu.

Ndikudziwa kuti bizinesi sidikira, ndipo chala chikuyabwa kudina Skip kuti maoda atsopano alowe. Mauthenga amene sanafike pa foni WhatsApp imawasunga mpaka masiku 30, ndiye masiku awiri kapena atatu ofufuza sakutayitsani kanthu. Makasitomala aimbireni kaye pa foni wamba. Vuto la Skip ndi lakuti Google Drive imasunga bakapu imodzi yokha ya nambala yanu. WhatsApp yopanda kanthu ija ikapanga bakapu yake yatsopano ku akaunti yomweyo, imalowa m'malo mwa yakale, ndipo pasiwedi mukadzaikumbukira sabata ya mawa mudzapeza palibe choti itsegule. Ngati mwakakamizika kudutsa, musasankhe akaunti ya Google imeneyo ikakufunsani za bakapu, ndipo musadine Back up. Dziwaninso kuti macheza akale ndi atsopano saphatikizana: kubwezeretsa akale kumafuna kuchotsanso pulogalamu, ndipo zimene zalowa pakatipo zimapita.

Pasiwedi ikakanika kotheratu, bakapu imeneyo sidzawerengedwanso, ndipo sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza pamenepa. Koma macheza aliwonse ali ndi mbali ziwiri. Zimene munalemberana ndi kasitomala zikadali m'foni mwake. Mupempheni atsegule macheza anu, adine timadontho titatu, kenako More ndi Export chat, akutumizireni. Imabwera ngati fayilo ya mawu yokhala ndi masiku ndi nthawi. Siingabwerere mkati mwa WhatsApp, koma pa nkhani ya ngongole imakwana kuonetsa amene anatenga zitenje zingati ndi tsiku limene analonjeza kulipira. Yambani ndi makasitomala okhulupirika, ndipo amene ali ndi ngongole zazikulu musathamangire kuwauza kuti zolemba zanu zasowa.

Chimene chimandiwawa pa nkhani ngati yanu n'chakuti mphindi imodzi yokha isanachotsedwe WhatsApp, vutoli linali losavuta. Pulogalamu ikadali m'foni, kiyi amakhala momwemo, ndipo munthu woiwala pasiwedi amangopita ku Settings, Chats, Chat backup, End-to-end encrypted backup, n'kusintha pasiwedi potsimikiza ndi chala kapena pini yotsegulira foni, osafunsidwa yakale. Ndiye zikakuyenderani, kapena mukayambanso mwatsopano, tsiku lina lililonse musanapereke foni kwa wokonza lowani pamenepo muone ngati chayatsidwa, sinthani pasiwedi ngati mukukayika, muilembe m'kabuku kamene kamakhala kunyumba, kenako dinani Back up ndi kudikira imalize. Kuyambira chakumapeto kwa 2025 WhatsApp inawonjezanso njira yachitatu yotchedwa passkey, imene imatsegula bakapu ndi chala, nkhope kapena loko ya sikirini m'malo mwa mawu oloweza. Imachotsa vuto la kuiwala, koma pa foni ya Android passkey kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Google, ndiye pasiwedi ya akaunti imeneyo ndi imene iyenera kulembedwa m'kabuku kaja.

Mukalankhula ndi mwana uja mundilemberenso, mundiuze mawu enieni amene sikirini ikuonetsa tsopano, makamaka ngati yayamba kutchula nthawi yodikira.