Masipika a m'tchalitchi akamalira, yambani mwaona pamene mwawaimika

"Mpingo wathu wa anthu 80 unasonkha ndalama, tagula masipika awiri okhala ndi ampulifaya mkati, mikisa ya matchanelo 8 ndi mamaiki awiri opanda waya. Tikangokweza pang'ono zimalira tswiii, mpaka abusa amasiya maiki. Tinagula zachabechabe kodi?"

Ayi mbale wanga, zida zimenezo n'zokwanira. Ndikukayikira malo amene mwaika masipika. Ambiri timawakhomera kukhoma la kumbuyo kwa guwa chifukwa amaoneka bwino pamenepo, koma zikatero mawu otuluka mu sipika amalowanso mu maiki, n'kukwezedwanso, n'kumangozungulira. Kulira kuja n'kumeneko. Atsitseni, muwaike patsogolo pa guwa, ina kumanja ina kumanzere, moti abusa akaima azikhala kumbuyo kwa masipikawo. Muwakweze pa masitandi mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono, apenye anthu. Sipika ikakhala pansi, a pabenchi loyamba amagontha pamene amayi a kumbuyo sakumva kanthu. Ikapenya kumwamba, malata ndi makoma a njerwa amabweza mawu, ulaliki n'kumamveka ngati uli m'mgolo.

Kulumikiza n'kosavuta. Bokosi lolandira mawu a maiki lipite ku tchanelo 1 ndi 2 pa mikisa, ndipo MAIN OUT L ndi R za mikisayo zipite ku masipika ndi mawaya a XLR. Bokosilo likhale pamwamba pomwe "likuonana" ndi wogwira maiki, osati m'kabati yachitsulo. Mamaiki awiriwo asakhale pa nambala imodzi ya mafunde.

Pomwe ndikufuna mudekhe ndi pa GAIN, kopotokola ka pa tchanelo iliyonse kokwezera mphamvu ya mawu olowa mu mikisa. Tsitsani zonse. Wina alankhule mokweza ngati mmene abusa amachitira uthenga ukafika pachimake, osati "wani, thuu" wa manyazi uja. Dinani PFL ngati ilipo, batani loonetsa mphamvu ya mawu a tchanelo pa timagetsi ta mikisa, mukweze GAIN mpaka timagetsito tifike pa 0. Ka PEAK kofiira kakayaka, bwezani. Mukatero kwezani voliyumu ya tchanelo ndi ya MAIN mpaka polembedwa 0, kenako muzikweza voliyumu kumbuyo kwa masipika pang'onopang'ono mpaka munthu wa pabenchi lomaliza amve bwino. Dinaninso LOW CUT, ija yolembedwa 80 kapena 100 Hz, chifukwa imachotsa kugunda kwa manja ndi mpweya. ECHO pa ulaliki ikhale yozimitsa.

Olankhula nawonso muwaphunzitse, mwaulemu. Maiki ikhale zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pakamwa. Ikakhala pamimba, inu mudzakakamizika kukweza, ndipo kulira kudzabwerera. Asafumbate mutu wa maiki, komanso asadutse nayo kutsogolo kwa sipika.

Mawu akayamba kudukaduka pakati pa mapemphero, yambani mwasintha mabatire musanakhudze china. Poyatsa, masipika akhale omaliza, pozimitsa akhale oyamba. Magetsi akathima, zimitsani masipika nthawi yomweyo, kuti akabwera mwadzidzidzi asawagunde ali oyatsa.