Ndinasintha pulani pakati pa mwezi, bilu yabwera $42 m'malo mwa $30, andibera kodi?

"Ndili ndi kashopu kosindikiza mapepala ndi makhadi a ukwati ku Zomba, ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ina ya pa intaneti yolembera ma invoisi, ndimalipira $12 pa mwezi pa khadi. Pa 11 Juni ndinakwera pa pulani ya $30, ndiye pa 1 Julayi andidula $42. Si ndiye kuti andilipiritsa mapulani onse awiri apa, 30 ndi 12? Ndiwalembere andibwezere?"

Mayi, musanawalembere tatsegulani invoisi yeniyeniyo, osati kameseji ka banki kaja kongonena kuti ndalama zachoka, koma invoisi ya mu akaunti yanu ya pulogalamuyo, chifukwa ndikukhulupirira kuti mupezamo mizere itatu osati iwiri, ndipo mzere umodzi uli ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwake. Manambala anuwa ndi osocheretsa zedi, aliyense angaganize ngati mmene mwaganiziramo, koma ndawerengetsera ndipo $42 ikutuluka ndendende popanda kukuberani ngakhale senti.

Chiyambi chake ndi chakuti mapulogalamu ambiri otere mumalipiriratu. Pa 1 Juni mutapereka $12 munagula masiku onse 30 a Juni pa pulani yaing'ono, ndiye tsiku lililonse linakudyerani masenti 40, ndi 12 kugawa 30 basi. Pofika m'mawa wa pa 11 munali mutadya masiku 10 okha, omwe ndi $4, masiku 20 otsalawo munali mutalipira kale koma simunawagwiritse ntchito pa pulani imeneyo, ndiye $8 yanu inatsala m'manja mwawo. Mbali inayi pulani ya $30 imadya $1 pa tsiku, ndipo mwakhalapo kuyambira pa 11 mpaka pa 30, masiku 20, ndiye $20. Iwo amatenga $20 ija n'kuchotsapo $8 yanu, kutsala $12 yoti muwonjezere pa mwezi wa Juni. Kugawa mtengo potengera masiku chonchi ndi kumene amakutcha puloreshoni, pa sikirini mumaona alemba Proration kapena Prorated.

Nanga bwanji sanaidule pa 11 pomwepo? Apa ndi pamene anthu ambiri amabalalikira. Makampani ambiri ang'onoang'ono a mapulogalamu sadzipangira okha makina odulira ndalama, amagwiritsa ntchito a kampani ngati Stripe, ndipo Stripe ukapanda kuisintha siidula kusiyanako tsiku lomwelo ayi, imakusungira n'kudzakuphatikiza pa bilu yotsatira. Ndiye inu pa 11 Juni munadina batani, zinthu za pulani yaikulu zinatseguka, khadi silinakhudzidwe, mtima unakhala m'malo kuti nkhani yatha, kumachita kuiwala kumene. Pa 1 Julayi ndi pamene zonse zabwera pamodzi, $30 ya Julayi yolipiriratu kuphatikiza $12 ya ngongole ya Juni ija. Ngati akudutsira ku Stripe invoisi yanu ikhala ikuoneka chonchi, maina a mapulani okha ndi amene angasiyane:

```
Unused time on Basic after 11 Jun     -$8.00
Remaining time on Pro after 11 Jun    $20.00
1 × Pro (1 Jul - 1 Aug)               $30.00
Total                                 $42.00
```

Mzere woyambawo ndi chenji chanu chobwerera, wachiwiri ndi masiku 20 a pulani yatsopano, wachitatu ndi mwezi watsopano. $12 imene mukuiona ngati pulani yakale yabweranso ija palibe pamene yalembedwa, ndi 20 kuchotsa 8 chabe, zangochitika mwangozi kuti yafanana ndi mtengo wa pulani yanu yakale chifukwa cha tsiku limene munasinthira. Mukanasintha pa 16, patatsala masiku 15, chenji chikanakhala $6, pulani yatsopano $15, kusiyana $9, bilu ikanabwera $39 ndipo mwina simukanaganiza n'komwe za mapulani awiri.

Njira imene ine ndimaikhulupirira poyesa ngati bilu ili bwino ndi kuiwala kaye invoisi n'kudzifunsa kuti Juni yense amayenera kundidyera zingati. Masiku 10 pa masenti 40 ndi $4, masiku 20 pa $1 ndi $20, pamodzi $24. Ndiye mwapereka zingati za Juni? $12 pa 1 Juni ndi $12 ina yomwe yabisala mu bilu ya Julayi, pamodzi $24. Zakumana. Zili ngati mumachita lendi kachipinda kakang'ono pamsika, mwalipiratu mwezi, pa 11 mwasamukira chipinda chachikulu cha landilodi yemweyo, iye n'kunena kuti musavutike panopa, zotsalazo tidzaonana pa 1 mukamadzapereka lendi ya mwezi wa mawa. Pa 1 po ndalama imaoneka yambiri inde koma ndi kamodzi kokha, ndipo pa 1 Ogasiti muyenera kuona $30 yoyera. Ikadzabwera yoposa pamenepo musanasinthe china chilichonse, apo ndiye alembereni.

Tsono si onse amachita chimodzimodzi, ndipo ndi bwino kudziwa chifukwa mwina muli ndi masabusikiripishoni ena. Ena akanakudulani $12 ija pa 11 Juni pomwepo, bilu ya Julayi n'kubwera $30 bwinobwino, chodabwitsa chimangokhala kandalama kachilendo kochoka pakati pa mwezi komwe sikakufanana ndi mtengo wa pulani iliyonse. Ena amayambitsa mwezi watsopano tsiku losinthalo, ndiye akanatenga $30 kuchotsa $8, kukudulani $22 pa 11 Juni, ndipo kuyambira pamenepo tsiku lanu lolipira likanakhala pa 11 osatinso pa 1. Imeneyi ndiye imapweteka anthu a bizinesi amene anazolowera kuika ndalama pa khadi kumapeto kwa mwezi, chifukwa pa 11 khadi limapezeka lilibe kanthu, pulogalamu n'kutsekeka uli ndi kasitomala pa kauntala akudikira invoisi. A Netflix ali ndi njira yawonso, ukakwera pulani ndalama yotsala ija amaiwerengera pa mtengo watsopano, imatha msanga, ndiye tsiku lolipira limangobwera pafupi. Masamu ake ndi amodzi onsewa, chosiyana ndi tsiku limene ndalama imachoka basi.

Potsika ndiye pali kachinthu kena kofunika kusamala. Tiyerekeze kuti munali pa $30 n'kutsikira pa $12 pa 11 Juni pomwepo. Kwa amene amagawa masiku, chenji chanu ndi $20, masiku 20 a pulani yaing'ono ndi $8, ndiye iwo ndi amene ali nanu ngongole ya $12, ndipo bilu ya Julayi ibwera $0, 12 kuchotsa 12. Musayembekeze kuti $12 imeneyo ibwerera pa khadi, kawirikawiri imangokhala kirediti mu akaunti yodikira bilu yotsatira, ndipo mukatseka akaunti kirediti isanathe ambiri sabweza. Ena ambiri potsika sagawa n'komwe, amakusiyani pa pulani yaikulu mpaka mwezi umene munalipira uthe, kutsikako kumayamba pa bilu yotsatira. Ine ndimalangiza kuti kukwera kwerani tsiku limene mwaifuna pulani yaikuluyo, simuluza kanthu, koma kutsika yang'anani kaye kuti iwo amachita ziti mwa ziwirizi.

Mukamawerengetsera nokha musadabwe kusiyana ndi masenti ochepa. Ine apa ndatenga ngati munasintha m'mawa weniweni pa 11, koma Stripe imawerenga mpaka masekondi, ndiye ngati munadina madzulo mizere iwiri ija ikhoza kukhala -$7.75 ndi $19.38 m'malo mwa manambala oyera, komanso wotchi yawo nthawi zambiri si ya kuno, ndiye kusintha kwa pakati pausiku kutha kulembedwa tsiku la dzulo lake. Mwezi wa masiku 31 ugawidwa ndi 31, Febuluwale ndi 28 kapena 29. Zimenezo si zolimbana nazo, kusiyana kosafika dola imodzi pa manambala ngati anuwa ndi nkhani ya maola chabe.

Cholakwika chenicheni chimaoneka mosiyana. Choyamba ndi pamene mzere wochotsera uja palibe, akulipiritsani $20 ya masiku otsala koma $8 yanu sanaibweze, bilu ikanakhala $50, apo mwalipiradi kawiri masiku 20 amenewo pokhapokha ngati malamulo awo ananeneratu kuti sabweza. China ndi pamene pulani yakale sinafe, zimachitika munthu akagula pulani yatsopano ndi imelo ina kapena kudzera pa foni pomwe yakale anagulira pa kompyuta, amakhala ndi masabusikiripishoni awiri amoyo. Chizindikiro chake n'chosavuta, pa sitetimenti ya banki pamaoneka kudula kuwiri kosiyana, $12 payokha ndi $30 payokha, mwina masiku osiyananso, ndipo ma invoisi amakhala awiri okhala ndi manambala awiri. Inu mwati achotsa $42 kamodzi, n'chifukwa chake ndikuti n'zokayikitsa kuti vuto lanu ndi limeneli, komabe lowani pa tsamba la Billing muone kuti pulani yamoyo ndi imodzi.

Ndipo poti khadi lanu ndi la makwacha, musayese bilu ndi ndalama imene banki yachotsa, yesani ndi madola a pa invoisi. Banki imasintha pa leti ya tsiku limene ndalama yachoka, n'kuikapo kachaji kake, ndiye $12 ya masiku a Juni ija mwaigula pa leti ya pa 1 Julayi. Masiku ambiri kusiyanako n'kochepa, koma amene anali ndi ngongole yotere kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anailipira pa mtengo watsopano. M'buku lanu la shopu mugawenso, $12 ilembeni ku zowononga za Juni, $30 ku Julayi, apo ayi Julayi azioneka ngati wadya phindu pomwe Juni akuoneka wabwino kuposa mmene analili.

Ndiye tsegulani invoisiyo, mukapeza mizere itatu ija ndi masiku akugwirizana ndi pa 11, palibe choti akubwezereni. Mukapeza kuti wochotsera palibe, alembereni mwachidule, nambala ya invoisi, tsiku limene munasintha, ndi masamu a masiku 20 pa masenti 40 aja, mupemphe $8 yanu. Ulendo wina musanadine batani losinthira werengani kabokosi kamene kamatuluka komaliza, ambiri amalembapo ndalama imene adule lero ndi ya bilu yotsatira, kajambuleni pa foni ndipo pa khadi pakhale ndalama yokwana bilu yoyambayo osati mtengo wa pulani wokha.