Mawu oitanira amayi kusikelo popanda kuwaopseza

Funso: "Ndine mlembi wa komiti ya zaumoyo m'mudzi wina cha ku Benga, ku Nkhotakota. Tapeza nsalu ziwiri ndi penti, tikufuna kulemba mawu oti amayi oyembekezera aziyamba sikelo msanga. Anzanga akuti tilembe kuti 'Mayi wozemba sikelo akupha mwana wake', koma ine mtima ukukana. Tilembe chiyani?"

Alembi, mtima wanuwo ukukuuzani zoona, ndipo penti ija musayitsekule kaye. Taganizani amene adzaime patsogolo pa nsaluyo. Mayi amene anayamba kale sikelo adzangodutsa. Amene adzawerenge mawuwo mpaka kumulasa ndi mayi wa miyezi isanu ndi umodzi yemwe sanapondeko kuchipatala, ndipo iyeyu ndi amene mukumufuna. Akaona kuti mudzi wamutcha kale wakupha, sadzuka m'mawa kukaima pamzere kuti anamwino amufunse kumene anali. Amamanga chitenje mwamphamvu, n'kudikira tsiku la matenda. Palinso mayi amene anapita padera chaka chatha, kapena mwana wake anabadwa wakufa. Iyeyo adzadutsa pansaluyo tsiku ndi tsiku popita kumjigo.

Vuto lina ndi loti mawu oopseza amatsutsika msanga. M'mudzi uliwonse muli mayi amene sanapiteko kusikelo koma anabereka mwana wojintcha, ndipo anthu amamudziwa dzina. Nsalu ikanena kuti wozemba sikelo mwana wake amafa, amayi amangoyang'ana mwana uja akusewera pabwalo, basi mawu onse a komiti agwa mphwayi. Chimodzimodzi musalembe kuti "Sikelo ndi mwana wamoyo", chifukwa alipo amene anapita maulendo onse koma zinavutabe. Sikelo imachepetsa ngozi, siyichotseratu.

Ndiye yambirani pa chinthu chimodzi chimene mukufuna kuti mayi achite, ndipo pano chinthucho ndi nthawi. Malangizo amene bungwe la zaumoyo padziko lonse linatulutsa mu 2016, omwenso zipatala zathu zikutsata, amati mayi aonedwe maulendo 8: koyamba masabata 12 asanathe, kenako pa masabata 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40. Manambala onsewa si a pansalu, malo ake ndi m'buku la kuchipatala. Pansalu pakufunika ulendo woyamba wokha, ndipo muuwerenge m'miyezi, poti kumudzi sitiwerenga mimba m'masabata. Mutha kulemba kuti: "Mwaima? Yambani sikelo miyezi itatu isanathe." Mawuwa ndi 6 okha. Akunena woitanidwa, chochita ndi nthawi yake, ndipo palibe amene akutonzedwa. Yerekezani ndi "Pitani kusikelo msanga". Mawu oti msanga aliyense amawamva mwake: kwa agogo ambiri msanga ndi pamene mimba yaonekera kapena mwana wayamba kugunda, imene ili kale miyezi inayi kapena isanu.

Koma nsalu imeneyi payokha ili ndi mbuna. Mayi wa miyezi isanu ndi umodzi uja akaiwerenga anganene kuti, "Ine ndiye ndinachedwa kale." N'chifukwa chake pansi pake pafunika mzere wachiwiri, wa zilembo zocheperako: "Ngakhale miyezi yapita, bwerani, mulandiridwa." Mzere umenewu ife timauona kuti ndi wofunika kuposa woyambawo, ndipo musaulembe musanakhale pansi ndi anamwino a pachipatala chanu. Ngati mayi wobwera mochedwa akakalipiridwa pagulu, nsalu yanu yanama, ndipo nkhaniyo imafika kudambwe la amayi kumjigo dzuwa lisanalowe.

Amayi ambiri sachedwa chifukwa cha umbuli. Ena amabisa mimba yaing'ono poopa anthu oipa mtima, ndipo kukaima pamzere wa sikelo kuli ngati kulengeza. Ena amaona kuti sakudwala, ndiye kulipira kabaza kupita ndi kubwera n'kutaya ndalama. Mawu abwino amayankha funso limene mayiyo ali nalo mumtima, loti kodi ndikapezako chiyani pamene thupi lili bwinobwino. Yankho lake lilipo, ndipo ndi la zinthu zogwirika. Pa ulendo woyamba amayeza kuthamanga kwa magazi, amaona ngati magazi ndi ochepa, amayeza chindoko ndi HIV, amapereka mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata ndi neti. Chindoko ndi chitsanzo chabwino chofotokozera anthu: mayi akhoza kukhala nacho osamva kalikonse, chimatha kupha mwana m'mimba, koma chikapezeka msanga chimachizika ndi jakisoni. Kuno kunyanja, kumene madambo ampunga ndi zithaphwi zimasunga udzudzu, neti ndi mphatso imene mayi aliyense amaimvetsa. Choncho nsalu yachiwiri itha kunena kuti: "Kusikelo yoyamba: kuyeza magazi, katemera ndi neti." Musanalembe mawu oti neti kapena oti zaulere, funsani ngati maneti alipo nthawi zonse komanso ngati pachipatala chanu salipiritsa, poti zipatala zina zamishoni zili ndi dongosolo lawolawo. Katundu akamasowasowa, chotsani neti pansalupo, muzikanena pakamwa m'masabata amene alipo.

Chenjerani ndi fansida. Makomiti ambiri amakonda kulemba kuti "Bwerani msanga mudzalandire mankhwala oteteza malungo", koma fansida saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba. Amayamba pa masabata 13, mapiritsi atatu omwera pomwepo pamaso pa anamwino, n'kubwereza pakadutsa mwezi wathunthu, maulendo osachepera atatu mimba yonse. Ndiponso mayi amene akumwa bakitirimu tsiku lililonse chifukwa cha HIV sapatsidwa fansida. Ndiye mayi amene wamvera nsalu yanu, wabwera ndi mimba ya miyezi iwiri, n'kubwerera wopanda mankhwalawo, amaganiza kuti amumana. Nkhani ya fansida ndi yabwino poitanira maulendo otsatira, mwachitsanzo pauthenga wa pawailesi ya m'dera: "Musaphonye tsiku la sikelo, malungo akhale kutali ndi mimba yanu."

Tsopano za abambo, poti apa ndi pamene mawu abwino amasanduka mpanda. Kulimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo n'koyenera: amayezetsa limodzi, chindoko chikapezeka onse awiri amalandira mankhwala kuti asapatsiranenso, ndipo bambo amamva yekha za ndalama yoyendera imene ayenera kusunga. Koma mukalemba kuti "Bwerani ndi amuna anu" n'kulekera pomwepo, amayi amamva ngati lamulo. Kuno abambo ambiri amakhala panyanja masabata angapo kutsata usipa, ena ali kominda ya nzimbe ku Dwangwa, ena ali ku Joni, enanso anakana mimba. Mtsikana wa zaka 16 amene mnyamata wamuthawa ndi amene ali pangozi yaikulu, ndipo ndi amene mawu oterewa amamutsekera kunja. Lankhulani ndi bamboyo mwachindunji, kenako mutsekulire mayiyo khomo: "Bambo, perekezani mayi kusikelo. Mayi, ngakhale muli nokha, bwerani." Za chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku chimene mafumu ena anakhazikitsa, musaziike pansalu yoitanira. Mayi amene akuopa mlandu amabisa zambiri, sabwera msanga.

Wina anena kuti, nanga tisawauze amayi za ngozi? Auzeni ndithu. Kusiyana kwake n'koti kuopseza kumatchula imfa n'kumusiya munthu ali chiimire, pamene chenjezo limatchula chizindikiro ndi chochita. "Mukazengereza mudzafa" n'kuopseza. "Magazi akatuluka, musadikire tsiku la sikelo, pitani lero" ndi chenjezo. Zizindikiro zina ndi mutu waukulu wosamva mankhwala pamodzi ndi kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kukomoka, nsupa kusweka nthawi isanakwane, ndi mwana kusiya kugunda. Uthenga uliwonse utenge chizindikiro chimodzi. Mutu ndi kutupa n'zofunika kuzifotokoza bwino pamsonkhano, chifukwa kuthamanga kwa magazi kumakwera mwakachetechete kumapeto kwa mimba, ndipo n'chifukwa chake maulendo omaliza aja amayandikana masabata awiriawiri.

Mukasankha mawu, ayeseni musanapake penti. Lembani ndi makala kapena choko pakatoni, mupite nawo kwa amayi 8 kapena 10 amene sali m'komiti. Pakhale mtsikana wa mimba yoyamba, ntchembere ya ana asanu, mayi wosadziwa kuwerenga yemwe wina amuwerengere mokweza, ndi agogo mmodzi kapena awiri, poti apongozi ndi anakubala ndi amene nthawi zambiri amanena kuti mimba yakwana yopita nayo kusikelo. Afunseni mmodzimmodzi, osati pagulu, ndipo musafunse kuti "Kodi mawuwa ndi abwino?" chifukwa mwaulemu onse adzavomera. Funsani kuti mawuwa akukuuzani kuti muchite chiyani, muchite liti, komanso mayi amene wachedwa angamve bwanji atawawerenga. Pakatha mphindi khumi mukucheza zina, afunseni abwereze mawu aja. Akalephera atatu kapena anayi, mawuwo ndi aatali. Wina akanena kuti "akutinena", sinthani, ngakhale komiti yonse iwakonde. Mumvetserenso liwu loti "mwaima": kwina amalilandira bwino, kwina akuluakulu amakonda "muli ndi pakati" kapena "ndinu oyembekezera", ndipo amayi a kwanuko ndiwo akuuzeni. Kumadera amene Chiyao kapena Chitonga chimamveka kwambiri, pemphani eni chilankhulo apange mawu awo, osangomasulira anuwo. Aonetseninso alangizi a zaumoyo, abusa ndi mashehe, kuti akawanene kutchalitchi ndi kumzikiti mofanana ndi momwe alembedwera.

Pansi pa nsalu iliyonse lembani tsiku ndi ola limene chipatala chanu chimalandira oyamba sikelo, ndi tsiku la sikelo yoyendera m'mudzi ngati ilipo, mutatsimikiza kwa anamwino. Gawo limenelo mulilembe pakansalu kosokerera padera, kuti masiku akasintha musataye nsalu yonse. Zilembo zikhale zakuda pansalu yoyera kapena yachikasu, zazitali ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo mubwerere m'mbuyo mapazi 15 muone ngati zikuwerengeka. Ngati mujambula chithunzi, jambulani mayi wamimba yosaonekera kwenikweni atanyamula buku lake la kuchipatala, chifukwa chithunzi cha mimba yaikulu chimauza amayi kuti sikelo ndi ya otopa okha. Imodzi muipachike kuchigayo kapena kumjigo, inayo, ngati mwasankha kulembapo mawu a abambo aja, kudoko kumene amagulitsa nsomba, ndipo muimange ngodya zonse zinayi, muboolemo timabowo tingapo kuti mwera usaing'ambe.