Woweruza milandu wa ku Iguputo anakhala bwanji "wofooka" pa Hadisi?

"Assalamu alaikumu. Tsiku lina ku darasa shehe wathu anakana Hadisi ina, akuti mwa oilandizana muli Ibni Lahiya, yemwe ndi wofooka. Nditafufuza ndinapeza kuti mkuluyu anali woweruza milandu wa ku Iguputo. Kodi ogamula kuti uyu ngodalirika, uyu ngofooka ankayang'ana chiyani kwenikweni? Nanga imeneyi si miseche?"

Waalaikumu salamu, achimwene. Chimene chakusokonezani ndi liwu loti "wofooka", dhaifu m'Chiarabu. M'makutu mwathu limamveka ngati munthu wa chikhulupiriro chopepuka, kapena wa khalidwe lokayikitsa. Akatswiri a Hadisi sankatanthauza zimenezo nthawi zonse. Pa munthu aliyense wofotokoza Hadisi ankafunsa mafunso awiri osiyana. Loyamba amalitcha adala: kodi ndi Msilamu wa nzeru zake, woopa Mulungu, woti sanganame? Lachiwiri ndi dhabiti: kodi zimene anamva anazisunga ndi kuzipereka momwe zinalili, kaya pamtima kaya m'buku lake? Munthu akhoza kupambana funso loyamba ndi kugwa pa lachiwiri, ndipo ambiri otchedwa ofooka anagwera pamenepo. Imamu Muslim, m'mawu oyamba a buku lake, analemba mawu a Abu Zinadi akuti ku Madina anapeza anthu 100, onse okhulupirika, koma palibe amene ankatenga Hadisi kwa iwo chifukwa sinali ntchito yawo.

Kudziwa khalidwe la munthu sikovuta kwenikweni: umafunsa amene anakhala naye, anayenda naye, anachita naye malonda. Pomwe pali ntchito ndi pa dhabiti, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti akatswiriwa ankangoponya maganizo awo. Ayi ndithu, ankafananiza.

Tengani Yahaya bin Maini wa ku Baghdadi, amene anamwalira mu 233 pa kalendala ya Hijiri. Iyeyu anapita ku Basira kwa Musa bin Isimaila kuti akamve mabuku a Hammadi bin Salama. Musa anamufunsa ngati sanawamvepo kwa wina. Yahaya anati anawamva kale kwa anthu 17, ndipo Musa akhala wa nambala 18. Nanga ukuvutikiranji? Yankho lake linali lakuti Hammadi ankalakwitsa nthawi zina, ndipo iye ankafuna kusiyanitsa zolakwa za Hammadi ndi zolakwa za ophunzira ake. Ophunzira onse akagwirizana pa chinthu cholakwika, ndiye kuti vuto linachokera kwa mphunzitsi. Onse akanena mofanana koma mmodzi nʼkupatuka, wolakwa ndi mmodziyo.

Tsono taganizani munthu akachita zimenezi pa Hadisi mazanamazana. Wophunzira uja amene wapatuka kamodzi pa zambirimbiri amakhalabe thika, wodalirika, pakuti palibe munthu wosalakwa. Amene akupatuka pafupipafupi amatsika nʼkumatchedwa woona koma wolakwitsa. Amene pafupifupi chilichonse chimene wanena kuchokera kwa mphunzitsi wotchuka sichikupezeka kwa anzake amasiyidwa. Nʼchifukwa chake katswiri ankatha kugamula za munthu amene sanamuonepo nʼkomwe, womwalira zaka 100 iye asanabadwe. Munthuyo anapita, koma Hadisi zake zinatsala, ndipo zinkaikidwa pambali pa za anzake.

Kwa amoyo kunalinso mayeso. Yahaya yemweyo, pobwerera ku Yemeni limodzi ndi Ahmadi bin Hanbali ndi mnzawo wachitatu, anaima ku Kufa nati akamuyese Abu Nuaimu, shehe wa Hadisi wa kumeneko. Ahmadi anamuletsa kuti munthuyo ngodalirika, musiye, koma Yahaya sanamve. Analemba Hadisi 30 za Abu Nuaimu, ndipo pakutha pa khumi zilizonse anaphatikizapo imodzi yosakhala yake. Yahaya atamuwerengera khumi zoyamba nʼkufika pa yachilendoyo, mkuluyo anati si yanga iyo, ifufute. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Ulendo wachitatu nkhope inasintha. Abu Nuaimu anati Ahmadi ngoopa Mulungu kwambiri moti sangachite zimenezi, mnzawoyo ngochepa nazo, ndiye kuti ndi iweyo, nʼkumupatsa Yahaya theche mpaka kugwa pa chiunda pomwe anakhala. Yahaya anadzuka akunena kuti thechelo linali lokoma kwa iye kuposa ulendo wonse. Nkhaniyi imandiseketsa nthawi zonse, koma onani chimene chinkayesedwa: kodi shehe amazindikira zake, kapena amangovomera chilichonse chimene amuikira mʼkamwa? Kuvomera kotereku kuli ndi dzina lake, talikini.

Apa ndi pomwe Abudullahi bin Lahiya anapunthwa. Anali wophunzira kwambiri, wa Hadisi zochuluka, ndipo ngakhale Ahmadi bin Hanbali anamuyamikirapo. Koma zinanenedwa kuti mabuku ake anapsa cha mʼma 170, zaka zochepa asanamwalire mu 174, ndipo pambuyo pake ankadalira kukumbukira. Chinanso chimene anamudandaula nacho nʼchakuti anthu ankamubweretsera zolemba zosakhala zake, iye nʼkumaziwerenga ngati zake. Sankapeka yekha ayi, kungoti chipata chake chinali chosatseka.

Ndiye akatswiri anagawanika. Ena anati zimene anatenga kwa iye ophunzira akale osamala, monga Abudullahi bin Mubaraka ndi Abudullahi bin Wahabu, nzabwinoko kusiyana ndi za amene anabwera mochedwa. Yahaya bin Maini anakana, nati anali wofooka mabuku asanapse komanso atapsa. Imamu Muslim anamutchula mʼbuku lake, koma momuphatikiza ndi munthu wina wodalirika, osati payekha. Choncho shehe wanu sanalakwe, kungoti mukadawafunsa funso limodzi: Hadisiyo anaitenga kwa Ibni Lahiya ndani, ndipo kodi palibe njira ina imene inadzera? Yankho likhoza kusintha chigamulo.

Zotere nzambiri, moti liwu limodzi pa munthu kawirikawiri silikwanira. Isimaila bin Ayyashi amalandiridwa akamafotokoza kuchokera kwa anthu akwawo ku Shamu, dera la Siriya, koma akatenga kwa a ku Hijazi kapena ku Iraki amasokoneza. Atwaa bin Saibu anasokonezeka mutu atakalamba, ndiye zimene Shuuba ndi Sufiyani Thauri anamva kwa iye kale nzolandirika, za ochedwa ayi. Nʼchifukwa chake mabuku a maphunzirowa adzaza ndi zaka zobadwira, zomwalirira ndi maulendo.

Za miseche, funso lanulo si latsopano. Munthu wina wopembedza kwambiri anamva Ahmadi bin Hanbali akutchula ofooka namudzudzula kuti asadye akuluakulu miseche. Ahmadi anayankha kuti imeneyo ndi nasiha, langizo. Wopereka umboni mʼbwalo la milandu amafufuzidwa pa nkhani ya mbuzi chabe, nanga wonena kuti Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, anati chakuti?

Komatu ogamulawo analinso anthu, ndipo anzawo ankawayesa. Ena ankadziwika kuti ngouma mtima, ena ngofewa, moti wouma mtima akayamikira munthu mawu ake amalemera kwambiri, koma akamunyoza yekha pamafunika kuona ngati ena akugwirizana naye. Munthu amene ena anamuyamikira sagwetsedwa ndi chidzudzulo chopanda chifukwa chomveka. Mawu a anthu a msinkhu umodzi okangana amatengedwa mosamala. Imamu Maliki ananena mawu owawa kwambiri za Muhammadi bin Isihaka, mlembi wa mbiri ya Mtumiki, koma ambiri obwera pambuyo anaona kuti awiriwo anali pa mkangano, ndipo sanamutaye Ibni Isihaka. Chimene anamugwira nacho ndi china: ankatha kudumpha dzina la amene anamuuzadi nʼkungoti "kuchokera kwa wakuti". Choncho amamulandira akanena poyera kuti "anandiuza", ndipo akapanda kutero amayamba afufuza.